Belo Si Chindapusa: Mlandu Ukadalipo

Wailesi ikangolengeza kuti wakutiwakuti watuluka pa belo atapereka K200,000, m'minibasi simulephera kumveka wina akudandaula kuti: "Basi, wagula mlandu ameneyo." Chonsecho munthuyo sanagule kanthu, ndipo mlandu wake mwina sunayambe n'komwe kuzengedwa.

Belo ndi chilolezo choti woganiziridwa mlandu azidikira mlandu wake ali kunyumba m'malo mokhala pa limandi, atalonjeza kuti azibwera kukhoti tsiku lililonse limene waitanidwa. Gwero lake ndi lakuti munthu amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, komanso kuti ali ndi ufulu wotulutsidwa, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati kumutulutsako kungasokoneze chilungamo. N'chifukwa chake majisitireti poganizira za belo sakhala akufunsa ngati munthuyo anabadi. Amafunsa ngati angathawe, ngati angaopseze mboni kapena kuwononga umboni, ndiponso ngati angapalamule mlandu wina ali kunjako. Pa milandu ikuluikulu monga wakupha ndi woukira boma, belo imakapemphedwa ku khoti lalikulu.

Tiyerekeze kuti wamalonda wina akuganiziridwa kuti anagula katundu wakuba. Khoti lalamula kuti apereke K200,000, abweretse abale awiri omuimira amene aliyense asainire K500,000, asiye pasipoti yake, ndipo azikaonekera kupolisi Lachisanu lililonse. Pa ndalama zonsezi, imene ituluke m'thumba tsiku limenelo ndi K200,000 yokha. Abale aja sapereka kanthu, koma asainira kuti mbale wawoyo akathawa khoti lingathe kuwalipiritsa ndalamazo. Apa m'pamene ambiri amagwera m'mbuna, poganiza kuti kuimira munthu n'kungolemba dzina pa pepala.

K200,000 ija ndi chikole chabe. Wamalondayo akamabwera kukhoti mokhulupirika mpaka chigamulo, ali ndi ufulu woitenganso, ndipo zimenezi sizidalira kuti wapezeka wolakwa kapena ayi, chifukwa chimene ndalamayo inkatsimikiza n'kubwera kwake basi. Lisiti la boma limene amapatsidwa polipira asalitaye, pakuti ndi limene adzaonetse pokaitanitsa ndalamayo. Akajomba popanda chifukwa chomveka, khoti limatulutsa chikalata chomumangira, belo imathetsedwa, ndipo chikole chimalandidwa.

Nkhani ya Shepherd Bushiri ndi mkazi wake Mary imaonetsa bwino zimenezi. Mu Novembala 2020 khoti la ku Pretoria linawatulutsa pa belo ya R200,000 aliyense pa milandu yokhudza ndalama, imene iwo amaikana. Patangopita masiku ochepa anatulukira ku Malawi, akunena kuti moyo wawo unali pachiopsezo ku South Africa. Khoti linalanda ndalama ya belo ija. Koma kulandidwa kwa ndalamayo sikunali chilango cha milanduyo, ndipo sikunaifafanize: boma la South Africa linapitiriza kupempha kuti awiriwa abwezedwe kukayankha milandu yomweyo.

Chindapusa ndiye chimabwera kumapeto. Munthu wavomera mlandu, kapena khoti lamva umboni n'kumupeza wolakwa, kenako n'kumupatsa chilango. Mtolankhani akalemba kuti wina alipire K300,000, kulephera apo akaseweze miyezi 12, chimenecho ndi chindapusa. Ndalamayo imalowa m'thumba la boma ndipo sibwerera, pokhapokha khoti lalikulu litasintha chigamulocho, mwachitsanzo pa apilo. Wolipirayo amapita kwawo inde, koma amapita ndi mbiri yoti anapezekapo wolakwa, imene wa pa belo alibe. Ngati khoti lalamula kuti wolakwiridwa apatsidwe ndalama, chimenecho ndi chipukutamisozi, nkhani inanso.

Choncho powerenga nkhani ya kukhoti, musayambe ndi kuchuluka kwa ndalama, yang'anani mawu oyandikana nayo. Mukaona "akuganiziridwa" ndi tsiku lodzabwereranso kukhoti, ndi belo. Mukaona "wapezeka wolakwa" ndi "kulephera apo", ndi chindapusa.

Palinso belo ya kupolisi, imene imaperekedwa pa milandu ing'onoing'ono munthu asanafike kukhoti. Imeneyi ndi yaulere, ndipo apolisi eni ake amalengeza zimenezi kawirikawiri. Ndalama yoperekedwa chamseri pa kauntala popanda lisiti kuti m'bale atuluke m'chitokosi si belo ndipo si chindapusa: ndi chiphuphu, ndipo pa malamulo a dziko lino wopereka ndi wolandira onse angathe kuimbidwa mlandu.