Malonda a m'envelopu: kulipira mtengo wako kapena wa mnzako?

Ku okushoni ya fodya ogula amaonana maso ndi maso, ndipo aliyense amamva mtengo umene mnzake watchula. Koma pali malonda ena amene amachitika mwakachetechete. Bungwe likafuna kugulitsa galimoto kapena njinga yamoto yakale, limauza ofuna kugula kuti aliyense alembe mtengo wake papepala, amate m'envelopu ndi kuponya m'bokosi. Tsiku lotsegula, amene analemba mtengo waukulu ndiye mwini katundu. Funso limene akatswiri a zachuma akhala akulisinkhasinkha ndi lakuti wopambanayo alipire zingati.

Njira imene tonse timaidziwa ndi yakuti alipire zimene analemba. Iyi ndi njira ya mtengo woyamba. Ina, imene imamveka ngati misala poyamba, ndi yakuti alipire mtengo wa munthu amene wabwera pambuyo pake. Ukalemba K900,000 ndipo wotsatira analemba K500,000, katundu ndi wako koma ulipira K500,000 basi. Iyi ndi njira ya mtengo wachiwiri, ndipo imadziwika ndi dzina la William Vickrey wa ku yunivesite ya Columbia ku America, amene anaifotokoza mu 1961. Analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1996, koma anamwalira patangopita masiku atatu chilengezereni mphotoyo. Osonkhanitsa masitampa anali atagulitsana kale mwa njirayi zaka zambiri iye asanalembe.

Tiyerekeze kuti ikugulitsidwa njinga yamoto, ndipo ofuna kugula ndi awiri. Aliyense akuifuna kuti aziyendetsa yekha, osati kuti akagulitsenso, choncho phindu la njingayo kwa iye akulidziwa yekha mumtima. Wina ali ndi makasitomala a kabaza okonzeka, wina akungofuna yopitira kumunda. Zimene mnzake akuganiza sizisintha phindu lake. Mfundo iyi ndi tsinde la zonse zimene zikubwerazi.

Mu njira ya mtengo wachiwiri, nzeru ndi imodzi yokha: lemba mtengo weniweni umene njingayo ili nawo kwa iwe. Tinene kuti ndi K900,000. Ukachenjera n'kulemba K700,000, mnzako atalemba K500,000, upambana ndi kulipira K500,000, zomwe ukadalipiranso ukadalemba zoona. Sunapulumutse tambala. Koma mnzako akalemba K800,000, njinga yapita, pamene ukadaitenga pa K800,000 n'kutsala ndi phindu la K100,000. Kukweza nako n'kudzitchera ndale wekha: ukalemba K1,100,000 ndipo mnzako walemba K1,000,000, wagula chinthu cha K900,000 pa mtengo woluza. Zimene walemba zimangosankha ngati upambana kapena ayi, mtengo wolipira amauika ndi mnzako. N'chifukwa chake sufunika kufufuza zimene ena akuganiza.

Mu njira ya mtengo woyamba zinthu ndi zina. Ukalemba K900,000 n'kupambana, wagula popanda phindu lililonse, ndiye uyenera kutsitsa. Koma ukatsitsa kwambiri, mwayi wopambana umachepa. Apa mpamene pali masamu okoma.

Tinene kuti za mnzakoyo sudziwa kanthu kupatula kuti phindu la njinga kwa iye lili penapake pakati pa ziro ndi K1,200,000, ndipo paliponse pamenepa mwayi ndi wofanana. Ngati iye amalemba theka la phindu lake, envelopu yake ili pakati pa ziro ndi K600,000. Iwe ukalemba K300,000, umugonjetsa kamodzi pa kawiri kalikonse, ndipo ukapambana utsala ndi K600,000. Pa avereji ndi K300,000. Ukalemba K600,000 upambana nthawi zonse, koma phindu ndi K300,000 yomweyo. Ukalemba K450,000 upambana katatu pa kanayi kalikonse, utsale ndi K450,000, zomwe pa avereji ndi K337,500. Palibe mtengo wina woposa pamenepa, ndipo K450,000 ndi theka la K900,000. Choncho ogula akakhala awiri, aliyense kulemba theka ndiye kuyankhana bwino, palibe amene apindule posintha yekha. Akakhala atatu, umalemba magawo awiri mwa atatu. Akakhala khumi, magawo asanu ndi anayi mwa khumi. Anthu akachuluka, malo obisalira amachepa.

Nanga wogulitsa asankhe iti? Ambiri amayankha mosaganizira kuti mtengo woyamba, poti ndi waukulu. Amaiwala kuti maenvelopu a m'njira ziwirizi sakhala ndi manambala ofanana. Mwa ogula awiri aja, wofunitsitsa amakhala ndi phindu la K800,000 pa avereji, winayo K400,000. Mu njira ya mtengo wachiwiri onse alemba zoona, ndipo wogulitsa alandira K400,000. Mu njira ya mtengo woyamba wofunitsitsayo alemba theka la K800,000, ndipo wogulitsa alandira K400,000. Ogula atatu: wapamwamba K900,000, wachiwiri K600,000, ndipo magawo awiri mwa atatu a K900,000 ndi K600,000 yomweyo. Sizinangochitika mwangozi. Wogula wanzeru m'njira ya mtengo woyamba amadzifunsa kuti, ngati ine ndili pamwamba, wonditsatira ali pati? Ndipo amalemba mtengo umenewo. Zimene njira yachiwiri imachita pogwiritsa ntchito envelopu ya mnzako, njira yoyamba imakuchititsa m'mutu mwako. Vickrey anaona kufanana kumeneku, ndipo mu 1981 Roger Myerson, komanso John Riley ndi William Samuelson, anasonyeza kuti kumagwira ntchito pa mitundu yambiri ya okushoni.

Mawu oti "pa avereji" asakupulumukeni. Pa tsiku limodzi ndalama zimasiyana. Wina akakhala ndi phindu la K900,000 ndipo mnzake K100,000, mtengo woyamba ubweretsa K450,000, wachiwiri K100,000 yokha. Akakhala K900,000 ndi K800,000, wachiwiri ndiye aposa.

Kufananaku kumasweka ogula akakhala oopa kuluza. Munthu amene sangagone akaphonya njinga amakweza envelopu yake kupitirira theka, ndipo mtengo woyamba umapindulira wogulitsa. M'njira yachiwiri mantha sasintha kanthu. Kumaswekanso ngati onse akugula kuti akagulitsenso, poti pamenepo phindu la katundu ndi limodzi kwa onse ndipo wopambana nthawi zambiri ndi amene walakwitsa poyerekeza mokweza.

Koma kwa ine, chofooka chachikulu cha njira ya Vickrey ndi chakuti imafuna kukhulupirirana. Wotsegula maenvelopu akaona K900,000, n'chiyani chimuletse kulowetsa envelopu yabodza ya K850,000? Ogula nawo akhoza kupangana mosavuta: mmodzi alembe mtengo wokwera zedi, ena onse alembe tochepa, ndipo palibe wa iwo angapindule pophwanya pangano. M'njira ya mtengo woyamba pangano lotere limafuna kuti wosankhidwayo alembe mtengo wotsika, zomwe zimakopa anzake kumudutsa mobisa.

New Zealand inalawa zina mwa izi mu 1990 pogulitsa ziphaso za mafunde a wailesi ndi kanema mwa njira ya mtengo wachiwiri, popanda kuika mtengo wochepetsetsa umene boma lingavomere. Kampani ina inalemba madola 100,000 a dzikolo n'kulipira madola 6. Ina inalemba madola 7 miliyoni n'kulipira 5,000. Ogula anali ochepa, ndipo mwina njira ina sikadabweretsa zambiri, popeza makampaniwo akadatsitsa maenvelopu awo podziwa kuti mpikisano kulibe. Koma nzika zinaona manambala onse awiri, zimene kampani inali yokonzeka kupereka ndi zimene inapereka, ndipo phokoso linakula mpaka boma linasintha n'kuyamba kugulitsa pa mtengo woyamba.