Kukumbutsa kasitomala za invoisi yomwe yadutsa mwezi

Tiyerekeze kuti telala wa ku Limbe wasokera sukulu ina yapulaiveti mayunifolomu 120, iliyonse pa K9,000. Invoisi ya K1,080,000 imayenera kulipidwa pofika pa 30 Epulo. Lero ndi pa 30 Meyi, kusukulu kuli zii, ndipo wogulitsa nsalu naye akufuna zake.

Asanalembe kalikonse, telalayu ayambe wadziwa pomwe invoisi yatsakamira. Nthawi zambiri kuchedwa kotere sikukhala nkhanza. Pepala linasiyidwa kwa ahedi pomwe olipira ndi a ku ofesi ya zachuma, kapena likudikira siginecha ya munthu amene ali ku tchuthi. Foni imodzi imaulula zimenezi, komanso imathandiza kudziwa woyenera kumulembera. Ayang'anenso ku akaunti yake, poti kulonjerera ngongole yomwe inalipidwa kale n'kudzichotsa ulemu.

Kalatayo ikhale yaifupi:

"Bambo olemekezeka, ndikukukumbutsani za invoisi nambala 47 ya K1,080,000, ya mayunifolomu 120 omwe munalandira pa 31 Malichi. Tinagwirizana kuti ilipidwe pofika pa 30 Epulo, koma mpaka lero ndalamazi sizinafike. Chonde lipirani pofika Lachisanu sabata yamawa kudzera ku akaunti yomwe ili pa invoisiyo. Ngati pali chomwe chikuvuta, mundidziwitse sabata ino kuti tikambirane. Ngati mwalipira kale, munditumizire umboni wake. Zikomo."

Muone kuti mulibe mawu akuti "pepani povutitsa". Ambirife timayamba ndi kupepesa, kenako n'kufotokoza za lendi ndi fizi ya ana, ngati tikupempha chithandizo. Wowerenga akaona choncho amaiika kalatayo pamulu wa zopempha, ndipo zopempha zimadikira. Ulemu uli m'malonje ndi m'mpata womwe mwapereka woti afotokoze vuto lawo. Kulimba kuli m'manambala ndi tsiku. Mawu akuti "posachedwa" alibe tsiku, ndiye aliyense amawamva momwe akufunira.

Pamodzi ndi kalatayo mutumize kope la invoisi ndi pepala lomwe anasainira polandira katundu. Mukatero mwatseka kale yankho lotchuka lija lakuti "sitinaione". Tumizani pa imelo kapena pa WhatsApp kuti tsiku lizioneka, ndipo ngati mwapereka pamanja, asainire pa kope lanu.

Musaopseze. Chiwongoladzanja chitchulidwe pokhapokha ngati munagwirizana kale, ndipo za loya kapena khoti n'zolawirira pa mwezi woyamba. Kasitomala akaona kuti mwaopseza koma simunachite, kalata yachiwiri saiwerenga n'komwe.

Akayankha kuti ndalama zavuta, afunseni kuti apereka zingati ndipo liti. Mwina K540,000 pa 15 Juni, yotsalayo pa 30 Juni. Zimene mwagwirizana pafoni muzilembe tsiku lomwelo, muwatumizire kuti avomereze, ndipo oda yatsopano idikire mpaka gawo loyambalo litalowa.