Karauta kobisika kuseri kwa kabati

Mu ofesi zambiri mumakhala tizibowo tapakhoma tolowetsamo chingwe cha netiweki, ndipo tina timangokhala osagwiritsidwa ntchito. Wogwira ntchito wina akatopa ndi kugula mabandulo, kapena waifai ya kampani ikamafika mofooka kuchipinda kwake, amagula karauta kotchipa m'tauni n'kukalumikiza pa kabowo kamodzi. Pa mphindi zisanu foni yake yalowa pa intaneti, anzake awiri atatu wawauzanso pasiwedi. Iye saona cholakwa chilichonse. Koma waifai siima pakhoma. Imadutsa mawindo n'kufika pamalo oimika galimoto ngakhale pamsewu, mamita makumi angapo kuchoka pomwe karautako kali. Munthu amene walowa pa waifai imeneyo amakhala m'kati mwa netiweki ya ofesi, momwe muli seva ya malipiro ndi mafayilo a makasitomala, ndipo chitetezo chonse chimene kampani inaika pakhomo la intaneti wachilambalala. Timarauta tambiri totere timasiyidwanso ndi pasiwedi yakufakitale, imene aliyense angaipeze mosavuta.

Tiyerekeze ofesi ya anthu 40 imene makompyuta ake onse amalandira maadiresi oyamba ndi 10.10.5. Lolemba m'mawa anthu asanu akudandaula kuti pulinta siikuwayankha ndipo intaneti yawadukira, pamene anzawo oyandikana nawo akugwira ntchito bwinobwino. Vuto logwera ena n'kusiya ena chonchi limaloza kwa chipangizo chogawa maadiresi. Kompyuta ikayatsidwa imafuula pa netiweki kupempha adiresi, ndipo kawirikawiri imatenga yankho limene layamba kufika. Karauta kogula kusitolo kamabwera kali kokonzeka kugawa maadiresi akeake, choncho chingwe cha pakhoma chikalowetsedwa pa kabowo kolembedwa LAN, kamayamba kupikisana ndi seva ya ofesi.

Katswiri wa makompyuta amapita pa kompyuta imodzi yodwalayo n'kulemba malamulo awiri:

```
ipconfig /all
arp -a
```

Loyamba likusonyeza kuti kompyutayo ili ndi adiresi 192.168.0.101, ndipo pamzere wa DHCP Server palembedwa 192.168.0.1. Ofesiyi ilibe chipangizo cha adiresi imeneyo. Lachiwiri likuonetsa nambala ya MAC ya chipangizocho, tinene 50-c7-bf-12-3a-40. Nambala imeneyi chipangizo chilichonse chimabadwa nayo kufakitale, ndipo zigawo zitatu zoyambirira zimatchula kampani imene inachipanga, malinga ndi kaundula wa bungwe la IEEE. Apa zikutchula TP-Link, pamene ofesiyi sinagulepo katundu wa kampaniyo.

Tsopano mpofunika kumvetsera za mumpweya. Pulogalamu yoyeza waifai ya pa foni kapena pa laputopu imaonetsa maina a mawaifai onse omveka pamalopo, nambala ya BSSID ya iliyonse ndi mphamvu yake. Apa mpamene ambiri amalakwitsa. M'nyumba yamaofesi ambiri mukhoza kumveka mawaifai khumi ndi awiri, ena a banki yapansi, ena a mafoni a anthu amene akugawira anzawo intaneti. Kumva dzina lachilendo si umboni woti chipangizocho chalumikizidwa pa netiweki yanu. Umboni umapezeka nambala yomveka mumpweya ikagwirizana ndi nambala yopezeka pa chingwe. Mu chitsanzo chathu pali waifai yotchedwa TP-Link_3A40, ndipo BSSID yake ikufanana ndi MAC ija. Pa marauta ena nambala ziwirizi zimasiyana pa chilembo chomaliza chokha.

Kusamala kumeneku kuli ndi chifukwa. Zipangizo zina za waifai zamakampani zimatha kutumiza uthenga wothamangitsa anthu pa waifai imene zaikayikira. Mu 2014 bungwe loyang'anira mauthenga ku America, FCC, linalipiritsa kampani ya mahotela ya Marriott madola 600,000 chifukwa chotsekereza mawaifai a alendo pa hotela yake ya ku Nashville. Mpweya si wa kampani imodzi. Chimene muli nacho ufulu wonse ndi chingwe chanu, ndipo nkhaniyi iyenera kuthera kumeneko.

Zingwe zonse za m'makoma zimakathera pa swichi, bokosi la mapoti ambiri lomwe limasunga m'ndandanda wa nambala za MAC ndi poti imene iliyonse ikuonekera. Pa swichi ya Cisco katswiri amafunsa motere:

```
show mac address-table address 50c7.bf12.3a40
show mac address-table interface Gi1/0/17
```

Yankho loyamba likuti chipangizocho chili pa poti 17. Lachiwiri likuonetsa kuti pa poti yomweyo pali nambala zisanu ndi imodzi, pamene desiki imodzi imayenera kukhala ndi imodzi, kapena ziwiri ngati pali foni ya padesiki. Zinazo ndi mafoni ndi malaputopu amene alowa kudzera pa karautako. Ndi bwino kukopera m'ndandandawu poti isanatsekedwe, chifukwa ikangotsekedwa nambalazo zimafufutika. Kenako:

```
configure terminal
interface Gi1/0/17
shutdown
```

Khomo latsekedwa, koma bokosilo likadali penapake. Ngati mapoti analembedwa bwino, nambala 17 itchula chipinda. Ngati sanalembedwe, monga zimakhalira m'maofesi ambiri amene anakula pang'onopang'ono, katswiri amayenda ndi foni m'manja akuyang'ana mphamvu ya waifaiyo. Nambala zake zimakhala ndi chizindikiro chochotsera: -80 dBm ndi kutali, -60 ndi kuyandikira, ndipo ikafika cha m'ma -35 ndiye kuti bokosilo lili pa masitepe ochepa. Kumakhala kusuzumira pansi pa madesiki, kuseri kwa kabati, pamwamba pa siling'i.

Si karauta kalikonse kamene kamadziulula chonchi. Chingwe chikalowetsedwa pa kabowo ka WAN, karautako sikasokoneza aliyense, ndipo swichi imaona nambala imodzi yokha ngati kuti ndi kompyuta wamba. Palibe amene amadandaula, choncho kangakhale miyezi. Amene wakaika ndi cholinga choipa amabisanso dzina la waifai, ngakhale kuti BSSID imaonekabe pa pulogalamu yoyezera. N'chifukwa chake malamulo a PCI DSS, amene amatsatidwa ndi makampani olandira malipiro a makhadi a kubanki, amafuna kuti kufufuza mawaifai osaloledwa kuzichitika miyezi itatu iliyonse, ngakhale pamalo poti kampaniyo imati ilibe waifai n'komwe.

Bokosi likapezeka, musathamangire kudina batani la Reset. Lijambuleni pomwe lili, lembani nambala zake, ndipo musanalizimitse onani m'ndandanda wa zipangizo zimene zinalowapo, popeza timarauta tambiri timaiwala zonsezi magetsi akangochoka. Ngati onse olowa ndi mafoni a ogwira ntchito, nkhani ndi yokambirana ndi mwini wake. Ngati pali chipangizo chosadziwika, kapena palibe amene akuvomera kuti bokosilo ndi lake, akuluakulu a kampani adziwitsidwe tsiku lomwelo, mapasiwedi asinthidwe, ndipo zolemba za seva zifufuzidwe kuyambira tsiku limene bokosilo linayamba kuoneka. Makompyuta asanu aja amachira ndi `ipconfig /release` kenako `ipconfig /renew`.

Chotsala ndi tizibowo tina tija. Poti iliyonse yopanda ntchito itsekedwe pa swichi, ndipo zotsalazo ziikidwe malire a nambala za MAC zololedwa. Ofesi imene ingakwanitse iyatse 802.1X, njira imene imafuna kuti chipangizo chidzitsimikizire chisanaloledwe kulankhula pa chingwe. Ine ndimaona kuti kungodzudzula wogwira ntchito uja sikuthetsa kanthu, chifukwa chimene chinamutuma kusitolo chikadalipo: kuchipinda kwake waifai siifika. Kampani imuikire chipangizo chovomerezeka kumeneko, ndi waifai ya mafoni ndi alendo yopatulidwa, yongotulukira pa intaneti osakhudza seva.