Kalata yochotsa munthu ntchito pochepetsa antchito: zimene iyenera kunena

Kalata imene munthu amalandira kampani ikamachepetsa antchito ndi yosiyana ndi kalata yochotsa munthu amene walakwa. Wolandirayo sanabe, sanajombe, sanalephere ntchito. Chimene chatha ndi malo ake, mwina chifukwa nthambi yatsekedwa, ndalama za pulojekiti zatha, kapena makina ayamba kugwira ntchito imene ankagwira anthu. Ku Malawi, Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000 limalola kuthetsa ntchito ya munthu pa chifukwa chotere, chokhudza kayendetsedwe ka kampani, malinga chifukwacho chikhale chenicheni. Kalatayo ndiye umboni wa chifukwacho, ndipo ndi pepala limene banja lidzaligwiritse ntchito powerengera kuti lendi ndi fizi zilipiridwa mpaka liti.

Kalata yabwino sikhala koyamba munthu kumva nkhaniyi. Olemba ntchito amayamba akambirana ndi okhudzidwawo, kapena ndi bungwe lawo la antchito ngati lilipo, kuwauza vuto ndi kumva maganizo awo. Kalata imabwera pambuyo, ndipo imatchula tsiku la zokambiranazo. Imaperekedwa pamanja, m'chipinda choduka mphepo, osati kusiyidwa kwa mlonda pageti.

Ndime yoyamba inene nkhaniyo mosazungulira. Olemba ena, pochita chisoni, amayamba ndi mbiri yaitali ya kukwera kwa mitengo ndi kuvuta kwa malonda, wowerengayo n'kufika pakati pa tsamba asakudziwabe ngati ntchito ilipo kapena yatha. Kumeneko ndi kumuzunza. Chiganizo chonga ichi chikwanira: “Bambo, potsatira zokambirana zathu za pa 15 Sepitembala 2025, tikukudziwitsani kuti ntchito yanu ya ukalaliki wa kosungira katundu itha pa 31 Okutobala 2025 chifukwa nthambi imene mumagwirako ikutsekedwa.” Kenako pabwere mawu amene ambiri amaiwala, onena kuti chisankhochi sichikukhudza khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito. Mawu amenewa amatonthoza, komanso amathandiza pofunsira ntchito kwina. Ngati pa akalaliki asanu akuchoka awiri, kalatayo inenenso njira imene yatsatidwa posankha, mwachitsanzo zaka zimene aliyense wagwira. Popanda zimenezi, munthu amaganiza kuti pali chidani, ndipo nthawi zina amakhala akuganiza zoona.

Pa nkhani ya masiku, pali atatu amene sayenera kusokonezeka: tsiku limene notisi yayamba, tsiku lomaliza la ntchito, ndi tsiku lolandira ndalama. Munthu wolandira malipiro pamwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi, ndipo ngati mgwirizano wake wa ntchito ukunena nthawi yotalikirapo, yotalikayo ndi imene imatsatidwa. Mawu onga “kumapeto kwa mwezi wamawa” asapezeke m'kalatamo. Tsiku, mwezi ndi chaka zilembedwe. Kampani ikafuna kuti munthuyo achoke nthawi yomweyo, imamulipira ndalama ya mwezi wa notisiwo, ndipo kalata inene momveka kuti njira yasankhidwa ndi iti, chifukwa munthu sangamadzuke m'mawa osadziwa ngati akuyembekezeredwa kuntchito. Lamulo limatinso zonse zimene munthu ayenera kulandira ziperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri ntchito itatha. Kulemba kuti “mudzalandira zinthu zikakhala bwino” ndi kuphwanya lamulo, ngakhale zitalembedwa mwaulemu chotani.

Gawo la ndalama ndi limene limafuna malo ambiri, ndipo ndi limene makalata ambiri amalidutsa ndi mzere umodzi wakuti “mudzalandira zonse zokuyenerani.” Chitsanzo chongoyerekeza chionetsa zimene ziyenera kulembedwa. Kalaliki uja anayamba ntchito pa 1 Julayi 2018, amalandira K260,000 pamwezi, ndipo amagwira masiku asanu pasabata. Walandira kalata pa 30 Sepitembala 2025, agwira mwezi wonse wa notisi, ndipo amaliza pa 31 Okutobala. Choyamba ndi malipiro a Okutobala, K260,000.

Chachiwiri ndi ndalama yotsanzikira ntchito, imene lamulo limapereka kwa wochotsedwa motere ngati wagwira chaka chimodzi kapena kuposerapo. Malinga ndi kusintha kwa lamuloli kwa mu 2010, chaka chilichonse chathunthu mwa zaka zisanu zoyamba chimabweretsa malipiro a masabata awiri. Kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi ndi masabata atatu pachaka, ndipo kupitirira apo ndi masabata anayi. Kalalikiyu wagwira zaka 7 ndi miyezi inayi, koma zowerengedwa ndi zaka zathunthu zokha. Zisanu zoyamba zikupereka masabata 10, ziwiri zotsatira masabata 6, onse pamodzi 16. Malipiro a pasabata amapezeka pochulukitsa K260,000 ndi miyezi 12 n'kugawa ndi masabata 52, ndiye kuti K60,000. Ndalama yotsanzikira ikukwana K960,000. Kalatayo ionetse masamu onsewa, ndipo inene ngati K260,000 ikuphatikizapo ndalama ya nyumba ndi zina zimene munthuyo amalandira mwezi ndi mwezi, pakuti mikangano yambiri imayambira pamenepo. Cholakwika china chofala ndi kuwerengera zaka zonse pa masabata awiri. Njira imeneyi ingamumane munthuyu K120,000.

Chachitatu ndi masiku a tchuthi amene sanapume. Wogwira masiku asanu pasabata amakhala ndi masiku 15 pachaka. Ngati atsala 9, pa K12,000 patsiku, ndiye kuti K108,000. Zonse zitatu zikukwana K1,328,000 asanachotse msonkho. Zochotsedwa zilembedwe pazokha, chilichonse ndi dzina lake: msonkho wopita ku MRA, ndi ngongole ya kuntchito ngati ilipo, tinene K80,000 yotsala. Pamapeto pake paoneke ndalama imene ilowe ku akaunti, ndi tsiku lake, lomwe pano lisapitirire pa 7 Novembala 2025.

Penshoni ndi thumba lina, losungidwa ndi kampani ya penshoni, ndipo silowa m'malo mwa ndalama yotsanzikira. Kalata itchule amene akusunga ndalamazo, nambala ya umembala, ndi mwezi womaliza umene zopereka zatumizidwa. Ngati pali miyezi imene sizinatumizidwe, kuli bwino kuvomera ndi kunena tsiku lolipira kusiyana ndi kuti munthuyo akazitulukire yekha. Chimodzimodzi za chithandizo cha kuchipatala ndi nyumba ya kampani: zitha liti, ndipo makiyi, yunifolomu ndi chiphaso zibwezedwe kwa yani.

Ulemu wa kalatayi suli m'kuchuluka kwa mawu achisoni. Chiganizo chimodzi chothokoza, chotchula zaka zimene munthuyo wagwira, chimamveka choona kuposa ndime yonena mmene mabwana zawapwetekera. Kulonjeza kuti “tidzakuitanani zinthu zikasintha” pamene palibe dongosolo lotero kumachedwetsa munthu kufunafuna ntchito ina. Chothandiza ndi kumuuza tsiku limene alandire kalata ya umboni wa ntchito yake, imene lamulo limati aperekedwe akaipempha, komanso dzina ndi nambala ya munthu mmodzi woyankha mafunso ake.

Kalatayo inenenso kumene angakadandaule. Ayambe ndi akuluakulu a kampaniyo, koma ngati akuona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokatula nkhaniyo ku ofesi ya leba ya m'boma lake, ndipo ikakanika kumeneko imapita ku khoti la milandu ya pantchito. Malo osainira pansi pa kalata alembedwe kuti munthuyo akungovomereza kuti walandira kalatayo, osati kuti wagwirizana ndi masamu ake. Makope akhale awiri, ina ya kampani, ina yoti apite nayo kunyumba akawerenge mofatsa.