Ganyu wa pa intaneti: ntchito zina ukazifunsira umaluza ngakhale utazipeza

Tiyerekeze mtsikana wa ku Lilongwe amene amamasulira zolemba kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Madzulo ano watsegula Upwork, msika wa pa intaneti umene anthu ofuna kugwiriridwa ntchito amakumaniranapo ndi aganyu a m'mayiko osiyanasiyana. Wapeza ntchito ziwiri zomuyenera. Yoyamba ndi ya madola 30, kumasulira kapepala ka masamba awiri. Yachiwiri ndi ya madola 400, kumasulira buku lophunzitsira alangizi a zaumoyo. Mtima ukumuuza kuti ayambe ndi yaing'onoyo, poti ndi yopepuka ndipo mawa lomwe ikhala itatha. Koma pa msika umenewu kufunsira ntchito si kwaulere, ndipo akawerengera bwino apeza kuti ya madola 30 ija ndi imene ingamudyere ndalama.

Upwork inabadwa pamene makampani awiri, Elance ndi oDesk, anaphatikizana, ndipo dzina limeneli inalitenga mu 2015. Kuti utumize kalata yofunsira ntchito kumeneko umalipira ndi timatikiti totchedwa Connects. Kamodzi kamagulidwa masenti 15 a dola ya ku America. Ntchito iliyonse ili ndi mtengo wake wa timatikititi, umene umalembedwa pa tsamba la ntchitoyo, ndipo umasiyana: ina imafuna ochepa, ina imapitirira 15 kapena 20. Ukatumiza kalata, timatikiti tapita. Amakubwezera ngati mwini ntchito waichotsa yekha asanalembe munthu, kapena ngati a Upwork aichotsa chifukwa yaphwanya malamulo. Koma ngati mwiniwakeyo wangoisiya osabweranso mpaka nthawi yake kutha, kapena walemba wina, zako zada. Kwa munthu wa ku Malawi ululu wake ndi wowirikiza, chifukwa timatikititi timagulidwa ndi khadi la ku banki m'madola, ndipo aliyense akudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kuno.

Tsono tibwerere kwa mtsikana uja, tiwerengere limodzi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi kamene aliyense angagwiritse ntchito ndi manambala ake. Tinene kuti ntchito ya madola 30 ikufuna ma Connects 12. Kalata imodzi yamudyera dola imodzi ndi masenti 80. Zikuoneka zochepa. Vuto ndi loti salembedwa ntchito pa kalata iliyonse. Ngati pa ntchito za mtundu umenewu amapambana kamodzi pa makalata khumi, ndiye kuti ntchito imodzi yopezeka yamudyera madola 18 asanagwire n'komwe. Upwork nayonso imadula gawo lake pa malipiro. Kwa nthawi ndithu linali 10 peresenti, ndipo tsopano limasinthasintha malinga ndi ntchito, koma tiyeni tigwiritse ntchito 10 yomweyo. Pa madola 30 patsala 27. Chotsanipo 18, patsala 9. Madola 9 amenewo ndiye malipiro a kumasulira masamba awiri, kulemba makalata khumi, ndi intaneti yonse imene wagula.

Ya madola 400 tinene kuti ikufuna ma Connects 20, omwe ndi madola atatu pa kalata. Opikisana nawo ndi akuluakulu, choncho mwina amapambana kamodzi pa makalata 15. Ntchito imodzi yamudyera madola 45. Pa madola 360 otsala Upwork itadula zake, iye akutenga 315. Kalata yake ndi yodula, mwayi wake ndi wochepa, koma ndi imene ili ndi phindu. Nambala yofunika kwambiri pa masamu onsewa, ya kuti umapambana kangati pa makalata angati, munthu amaidziwa akamalemba m'kope kalata iliyonse imene watumiza ndi zotsatira zake. Ambiri salemba, n'chifukwa chake amangodabwa mwezi ukatha kuti timatikiti tathera kuti.

Mwayi wopambanawo sufanana pa ntchito zonse, ndipo tsamba la ntchito limaulula zambiri kwa munthu wodekha. Pambali pamalembedwa mbiri ya mwini ntchito: ngati njira yake yolipirira inatsimikizidwa, pamene pamati Payment method verified, ndalama zimene wawonongapo kale pa msikawu, ndi hire rate, kutanthauza kuti pa ntchito zimene analengezapo ndi zingati zimene analembadi munthu. Bwana amene hire rate yake ndi 30 peresenti ndiye kuti pa ntchito khumi zimene amalengeza, zisanu ndi ziwiri zimafera m'mazira. Ngakhale kalata yako ikhale yokoma chotani, sungapambane mpikisano umene sudzakhala ndi wopambana. Pansi pake pamaoneka kuchuluka kwa amene afunsira kale, m'magulu monga Less than 5, 20 to 50 ndi 50+. Pamaonekanso nthawi imene bwanayo anayang'ana ntchito yake komaliza, ndi anthu angati amene akukambirana nawo. Ntchito ya masiku anayi, yofunsiridwa ndi anthu oposa 50, imene mwini wake akucheza kale ndi atatu, ili ngati basi yodzaza imene yayamba kale kuyenda. Ine ndikaona zotero sindiwerenganso n'komwe zimene akufuna.

Chifukwa chake kuchuluka kwa anthu kuli nkhani yaikulu n'choti bwana saona makalata motsatira nthawi imene anafika. Makina a Upwork amawasanja okha, kuika pamwamba amene akuwaona kuti akugwirizana kwambiri ndi ntchitoyo. Kampaniyo siulula ndondomeko yonse ya kasanjidweko, koma luso limene unalemba pa mbiri yako, ntchito zofanana nayo zimene unagwirapo, ndi mmene unakondweretsera mabwana akale, zonse zimalowamo. Bwana wotanganidwa amawerenga makalata angapo apamwamba, ndipo pa mndandandawo amangoona mizere yoyambirira ya kalata iliyonse. Wa nambala 40 walipira chimodzimodzi ndi wa nambala 2, koma mwina kalata yake siitsegulidwa n'komwe.

Apa mtsikana wathu ali ndi mwayi umene wojambula zizindikiro za makampani alibe. Odziwa kujambula ali dziko lonse lapansi, pomwe omasulira Chichewa ndi ochepa. Pa ntchito ya Chichewa iye akhoza kukhala mmodzi mwa anthu asanu ndi atatu, ndipo mbiri yake ikugwirizana ndi ntchitoyo ndendende. Akayamba kuthamangira ntchito zolowetsa manambala m'kompyuta kapena zotayipa, poti nazonso angathe, walowa m'chigulu cha anthu mazana amene makina alibe chifukwa chomuikira patsogolo pawo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Palinso njira yogulira malo apamwamba. Upwork imalola munthu kuwonjezera ma Connects pa kalata yake kuti ikhale m'malo ochepa oyambirira, ndipo malowo amapita kwa amene apereka zambiri, ngati pa okishoni. Zimathandiza kuti uonedwe, basi. Ngati mbiri yako ndi yofooka, walipira kuti bwana aone msanga kuti ndiwe wofooka. Pa ntchito ya madola 30 kuwonjezera ma Connects 20 ndi kutaya madola ena atatu pa phindu lomwe linali kale la madola 9.

Koma choopsa chenicheni cha ntchito yaing'ono ija chili pa malikisi otchedwa Job Success Score. Imeneyi ndi peresenti imene imaoneka pafupi ndi dzina lako, yosonyeza mmene ntchito zako zakhala zikuthera. Ntchito ikatha, bwana amapereka nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, zimene aliyense amaziona. Kuseri amafunsidwanso funso lina limene iwe suliona yankho lake: kodi munthu ameneyu mungamutchule kwa anzanu? Yankho lobisikalo limalowa m'malikisi ako. Ndiye zimatheka bwana kukupatsa nyenyezi zisanu pofuna kupewa mkangano, kuseri n'kukupatsa zochepa, iwe n'kumadabwa kuti malikisi atsika bwanji pomwe aliyense akukuyamikira.

Mwachidule, kawerengedwe kake n'kotere: ntchito zotha bwino, kuchotsapo zotha moipa, kugawa ndi ntchito zonse. Pali zina zimene zimasintha zotsatira, monga zoti ntchito ya ndalama zambiri imalemera kuposa yaing'ono, ndiponso bwana amene wakhala nawe nthawi yaitali amakukweza. Koma taonani mmene masamuwo amalumira munthu watsopano. Amene wagwira ntchito 50, imodzi n'kuipa, ali pa 96 peresenti. Amene wagwira zisanu zokha, imodzi n'kuipa, akhoza kupezeka cha m'ma 60. Ndipo mabwana akamafufuza aganyu ali ndi batani losefera, loti aone okhawo amene ali pa 80 kapena 90 kupita m'mwamba. Chizindikiro cha Top Rated nachonso chimafuna 90. Ukagwa pansi pa mzerewo, mayitanidwe amachepa, pomwe ntchito yochita kuitanidwa ndi imene siidya Connects ngakhale imodzi. Malikisiwa amawerengedwa pa miyezi 6, 12 ndi 24, n'kuonetsa yabwino koposa pa zitatuzo, choncho bala limapola, koma limatenga miyezi, ndipo miyezi yonseyo kalata iliyonse ikukudyera zambiri chifukwa ukupambana mwa apo ndi apo.

N'chifukwa chake mtsikana uja, asanatumize kalata, ayenera kutsika pansi pa tsamba n'kuwerenga mbiri ya bwanayo ndi aganyu akale. Pamaoneka zimene iwo ananena za iye, komanso nyenyezi zimene iye anawapatsa. Bwana amene amapatsa aliyense nyenyezi zitatu kapena zinayi, ngakhale ntchito itayenda bwino, adzachitanso chimodzimodzi kwa iwe. Kalembedwe ka ntchito nakonso kamanena zambiri. Wa madola 30 uja walemba mizere iwiri yokha, akuti akufuna zachangu, zapamwamba, ndipo tidzakonza mpaka nditakhutira. Sananene kuti mawu ndi angati, owerenga ndi ndani, kapena Chichewa chake ndi cha ku Malawi kapena Chinyanja cha ku Zambia. Munthu amene sadziwa chimene akufuna sakhutira, ndipo iye mwini sadziwa chilankhulocho, ndiye adzapereka ntchito yako kwa mnzake wina amene adzati mawu awa ife sititero. Wa madola 400 watchula kuchuluka kwa mawu, tsiku lomalizira, ndipo wagawa malipiro m'zigawo zitatu. Aganyu asanu ndi mmodzi amene anagwira naye kale onse anawapatsa nyenyezi zisanu.

Sindikunena kuti ntchito yaing'ono ndi yoipa nthawi zonse. Munthu amene alibiretu mbiri amafunika ntchito ziwiri zitatu zoyambira, ndipo kuluza madola ochepa pa timatikiti kuti upeze nyenyezi zoyamba ndi malonda abwino, bola bwanayo akhale wodziwika kuti amalipira, amalemba anthu, ndipo saumira nyenyezi. Ikakhala ntchito ya madola 30 yochokera kwa bwana wotero, yolengezedwa ola lapitalo, ofunsira asanakwane asanu, mtsikana wathu atumize kalata msangamsanga. Ya lero ija ili ndi ofunsira 20 mpaka 50, hire rate ya 30 peresenti, ndipo njira yolipirira sinatsimikizidwe. Ma Connects 12 aja awasunge, awonjezere 8, alembere wa buku la alangizi a zaumoyo, ndipo mzere woyamba wa kalatayo unene buku la zaumoyo limene anamasulirapo kale.