Kuti a ku Joni Aone Nkhope, Osati Nkhungu

M'midzi ya m'mapiri a Dedza, kuyambira ku Bembeke mpaka ku Linthipe, mabanja ambiri ali ndi mwana kapena bambo amene akugwira ntchito ku Joni. Masiku ano anthu ameneŵa sakhutira ndi mau okha. Amafuna kuona nkhope ya amayi awo, ndi khanda limene linabadwa iwo atachoka. Tsono banja limasonkha ndalama ya bandulo, limasonkhana m'nyumba usiku atatha kudya, ndi kuimba foni ya vidiyo. Koma uko amangoona chithunzithunzi chakuda, chodukaduka ngati njerwa, ndipo bandulo amatha anthu akali kufunsana kuti, "Kodi mukutiona?"

Mlandu timauponya pa netiweki, ndipo mbali ina nzoona. Dziko lathu kuno nlamapiri ndi zigwa, kotero mudzi umene uli kuseri kwa phiri sulandira mphamvu yofanana ndi ya pa boma. Komatu pa netiweki yofooka yomweyo banja lina limaoneka bwino pamene lina silioneka. Kusiyana kwake kwagona pa chithunzi chimene aliyense amapatsa foni yake kuti inyamule.

Tiyambe ndi ichi, kuti vidiyo ndi zithunzi zambiri zotsatana mofulumira, ndipo chithunzi chilichonse nchomangidwa ndi timadontho. Chimene pa foni chimalembedwa 720p chili ndi timadontho 1,280 m'litali ndi 720 m'lifupi, tonse pamodzi 921,600. Cha 360p chili ndi 640 ndi 360, tonse 230,400, limene ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a choyambacho. Pali kuchuluka kwa timadontho, palinso kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi imodzi. Zikakhala 30, munthu amaoneka akuyenda monga mwa masiku onse. Zikakhala 15, dzanja likamayenda limadumphadumpha pang'ono, koma nkhope ya munthu wokhala pansi imaoneka bwinobwino.

Tiyerekeze banja la m'chigwa china cha ku Bembeke, limene foni yake imatha kutumiza 300 kbps, kutanthauza mabiti 300,000 pa sekondi. Biti ndi muyeso wochepetsetsa wa uthenga woyenda pa netiweki. Tichotsepo 60,000 a mau ndi zina zoyendetsa uthengawo, atsale 240,000 a chithunzi. Banjali likafuna 720p ndi zithunzi 30, timadontho toyenera kunyamulidwa pa sekondi tipitirira 27 miliyoni, ndipo biti imodzi igaŵidwa pa timadontho 115. Likalola 360p ndi zithunzi 15, timadontho tikhala pafupifupi 3.5 miliyoni, ndipo biti imodzi igaŵidwa pa timadontho 14 tokha. Netiweki ndi yomweyo, koma kadontho kalikonse kalandira chakudya choŵirikiza kasanu ndi katatu. Amayi amene anagaŵapo ndiwo pa ukwati adziŵa nkhaniyi: nkhuku imodzi imakoma pa alendo anayi, koma pa alendo makumi atatu aliyense amangolaŵa msuzi. Nchifukwa chake chithunzi chaching'ono chokhuta chimaoneka bwino kuposa chachikulu chanjala.

Ngakhale pa thumba pali kusiyana. A Zoom amanena kuti anthu aŵiri oimbirana pa 720p amafuna 1.2 Mbps kupita ndi kubwera komwe. Pa liŵiro limeneli mphindi 20 zimadya pafupifupi 360 MB, pamene pa 300 kbps zimadya pafupifupi 90 MB.

Tsono wina afunsa kuti batani losankhira zimenezi lili pati. Pa WhatsApp, imene ambiri a ife timagwiritsa ntchito, palibe. Foni imayesa yokha netiweki, ndi kutsitsa kapena kukweza timadontho ndi zithunzi monga yaonera. Chimene tingachite nkuiuza kuti isamalakelake zambiri: tiloŵe pa `Settings`, kenaka `Storage and data`, ndi kutsegula `Use less data for calls`. Aphunzitsi ndi ena ochita misonkhano ya Zoom pa kompyuta achotse chizindikiro pa `HD`, ndipo pa Google Meet ya pa kompyuta asankhe `Standard definition (360p)` pa `Send resolution (maximum)`. Mabatani athera pomwepo. Zotsala zonse zili m'manja mwathu, ndipo nzazikulu kuposa mabataniwo.

Kodi biti imodzi inganyamule bwanji timadontho 14? Foni situmiza chithunzi chilichonse chathunthu. Imatumiza chathunthu poyamba, ndipo pambuyo pake imangonena zimene zasintha. Agogo akakhala phee pampando, khoma lili kumbuyo kwawo, zosintha ndi milomo ndi maso okha, choncho mabiti onse 240,000 amathera pankhope. Koma mdzukulu akagwira foni m'manja namayendayenda nayo pabwalo, chithunzi chonse chimasuntha, ndipo mabiti amamwazikira pa denga, pa nkhokwe ndi pa nkhuku. Masamba a mtengo ogwedezeka ndi mphepo amachita chimodzimodzi, monganso utsi wa m'khitchini ndi ana othamanga kumbuyo. Foni itsamire pa njerwa kapena pa kapu patebulo, ndipo wolankhula akhale patsogolo pa khoma losalembalemba, mutu ndi mapewa zidzaze galasi.

Mbala yaikulu koposa zonse ndi mdima, ndipo ambiri sitiiganizira. Kamera ya foni ikasoŵa kuŵala imachita zinthu ziŵiri. Choyamba, imakweza mphamvu ya kuŵala kochepa kumene yalandira, monga timakwezera wailesi pamene siteshoni ili kutali. Wailesi ikatero imachita phokoso, ndipo kamera nayo imatulutsa phokoso la m'maso: timchenga tonyezimira pa chithunzi chonse. Timchengato timasintha pa chithunzi chilichonse, ngakhale munthu asagwedezeke nkomwe. Foni imationa ngati zinthu zimene zasintha, ndipo imataya mabiti ponyamula mchenga, kapena imausalaza pamodzi ndi makwinya a pankhope, munthu naoneka ngati woumbidwa ndi dothi. Chachiŵiri, kamera imatenga nthaŵi yotalikirapo kujambula chithunzi chimodzi kuti kuŵala kuloŵe kokwanira. Zithunzi pa sekondi zimachepa, ndipo dzanja loyenda limasiya mchira. Mdima umaononga timadontho ndi liŵiro la zithunzi pa nthaŵi imodzi, netiweki isanalakwe kanthu.

Mankhwala ake ali pakhonde. Kuŵala kwa masana pamthunzi kumaposa kwa m'chipinda cha nyale imodzi usiku kamakumi ambirimbiri. Wolankhula akhale pamthunzi, nkhope italoza kubwalo koŵala, khoma lili kumsana. Akakhala m'nyumba ayang'ane ku windo kapena kukhomo. Windo likakhala kumbuyo kwake, kamera imayesa kuŵala kwa windolo ndi kudzichepetsa, nkhope nida bii. Ife akhungu lakuda zimenezi zimatipweteka msanga, ndipo khoma lopakidwa laimu loombedwa ndi dzuŵa, kapena thambo loyera kumbuyo, limachita zomwezo. Dzuŵa la paliombo nalo silithandiza, pakuti limaika mithunzi m'maso. Tinene pano mau abwino pa nyengo imene timaidandaula: tsiku la mitambo ndi nkhungu ya m'mwezi wa Juni ndi Julaye ndilo la kuŵala kofeŵa kokomera nkhope, ndipo nkhungu siitseka netiweki ya foni monga ena amaganizira. Zotseka ndi mapiri, makoma ochindikala ndi malata.

Usiku ukakhala wosapeŵeka, nyale ya sola ichoke kudenga. Iikidwe kuseri kwa foni, pamwamba pang'ono pa maso, moyang'ana nkhope. Kuyandikira kuli ndi mphamvu yodabwitsa: nyale imene inali pa mita imodzi ikabwera pa theka la mita, kuŵala kofika pankhope kumaŵirikiza pafupifupi kanayi. Ikamathobwa m'maso, ilozetsedwe pa nsalu yoyera kapena pa katoni yoyera kuti kuŵala kubwerere kofeŵa. Koma ife tikulangiza masana. Nthaŵi ya ku Malaŵi ndi ya ku Joni ndi imodzi, choncho kupangana Lamulungu masana sikovuta, ndiponso madzulo ndiyo nthaŵi imene anthu ambiri amakanganirana nsanja imodzi ya netiweki.

Pali msampha wina. Kachithunzi kathu kamene timadziona pakona ya galasi kamachokera mu kamera ya foni yomweyo, sikanayende pa netiweki, motero sikaonetsa zimene a kutali akuona. Komanso ife tikamawaona bwino sindiye kuti iwonso akutiona bwino. Nsanja ili ndi mphamvu zambiri, pamene foni imatumiza ndi mphamvu yochepa kwambiri, kotero m'chigwa chimene chimayamba kufooka ndi ulendo wochoka kwa ife. Njira ndi kufunsa: "Achimwene, mukuona chiyani uko?" Akati akuona mchenga kapena mchira wa dzanja, vuto ndi kuŵala. Akati nkhope yada koma kumbuyo kukuŵala, titembenuke. Akati chithunzi chikusweka m'timabokosi tikangosuntha, ndiye kuti mabiti akupereŵera: foni ikhazikike, ana akhale pansi. Akati chikuima njii kenaka nkudumpha, ndipo mau akudukaduka, imeneyo ndi netiweki yeniyeni, imene nyale singaichiritse. Tikwere pa chulu kapena pamtunda poonekera nsanja, ndipo tiyang'ane pamwamba pa galasi. Pakalembedwa 4G kapena H+ tiyesenso, koma pakalembedwa E tizime kamera, tilankhule mau okha.

Potsiriza tibwerere ku banja la ku Bembeke lija, pakuti si zonse zofuna kuonetsedwa zimafuna chinthu chimodzi. Ana akamavina kuti atate awo aone, chofunika ndi zithunzi zambiri pa sekondi, ndipo foni idzalipira pochepetsa timadontho. Pa 300 kbps gule ameneyo adzasweka ndithu. Nkwabwino kumujambula masana ndi kumutumiza monga vidiyo yojambulidwa kale, imene imayenda pang'onopang'ono koma nkufika yathunthu. Mayi akafuna kuonetsa bambo zimene a kusikelo alemba m'buku la mwana, kapena zotupa zimene zatuluka pakhungu lake, chofunika ndi timadontho, osati liŵiro. Atembenuzire ku kamera ya kumbuyo, imene pa mafoni ambiri ndiyo yabwino, aike bukulo pamphasa pakhonde, ndipo agwire foni osagwedeza masekondi asanu kapena khumi kuti chithunzi chikhazikike. Malembo akakanabe kuŵerengeka, ajambule tsambalo ndi kulitumiza monga chithunzi wamba. Chithunzi chotere pa WhatsApp kaŵirikaŵiri sichifika 1 MB, ndipo bambo angathe kuchikuza ndi zala naŵerenga tsiku la katemera wotsatira.