Ndani avomereze akaunti yatsopano? Tsamba limodzi likwanira

M'mabungwe ang'onoang'ono omwe si aboma, akaunti za pa kompyuta zimakonda kutsegulidwa pakamwa chabe. Wantchito watsopano akafika, bwana amangouza wodziwa makompyuta kuti, "Mum'patse zomwe anzake ali nazo." Likamafika dzuwa paliwombo, mlendo uja akuona kale malipiro a anzake ndi mayina a anthu olandira thandizo. Tsiku lomwe odita adzafunse amene analoleza, aliyense amaloza mnzake chala.

Mankhwala ake ndi ndondomeko ya tsamba limodzi yolekanitsa anthu atatu: wopempha, wovomereza ndi wotsegula akaunti. Wopempha ndi amene akuyang'anira wantchitoyo. Wovomereza ndi mwini wa zomwe zili m'sisitimu yomwe ikufunidwa. Wotsegula ndi amene ali ndi makiyi a sisitimuyo, ndipo saloledwa kuchita kanthu asanaone chivomerezo cholembedwa. Ngati anthu ndi ochepa, wopempha akhoza kukhalanso wotsegula, koma pasapezeke munthu wodzivomereza yekha.

Polemba, yambani ndi mndandanda wa masisitimu onse, ndipo pambali pa iliyonse lembani udindo wa wovomereza, osati dzina lake, chifukwa anthu amachoka koma mpando umatsala. Imelo ndi mafayilo a onse avomereze ndi woyang'anira ofesi. Mabuku a ndalama a mu QuickBooks avomereze ndi mkulu wa zachuma. Mafomu a kafukufuku a mu KoboToolbox avomereze ndi mkulu wa mapulojekiti. Za kubanki ndi za Mpamba kapena Airtel Money ya bungwe zivomerezedwe ndi anthu awiri, mkulu wa bungwe ndi msungichuma wa bodi. Nanga mkulu wa bungwe akafuna chilolezo iye mwini? Apite kwa wapampando wa bodi. Lembaninso wogwirizira wovomereza akakhala kutchuthi, apo ayi anthu adzayamba kubwerekana pasiwedi podikira.

Tiyerekeze kuti bungwe la anthu 12 lalemba mayi wina kwa miyezi itatu kuti azilemba mabanja olandira mbewu m'midzi. Womuyang'anira akutumiza imelo kwa mkulu wa mapulojekiti yotchula zinthu zinayi: dzina la mayiyo, fomu yomwe agwiritse ntchito, zomwe azichita m'fomuyo, ndi tsiku lothera kontrakiti. Mkuluyo akuona kuti ntchito yake ndi yotumiza mayankho basi, choncho akuvomereza chilolezo cha Add submissions chokha. Sakum'patsa View submissions, chomwe chikanamuonetsa mayina ndi manambala a foni omwe anzake onse anasonkhanitsa, ngakhalenso Edit submissions, chomwe chikanamulola kusintha zomwe zinatumizidwa kale. Wotsegula akuchita zomwe zavomerezedwa, kenako akulemba mzere umodzi m'kaundula: ndani, sisitimu iti, chilolezo chanji, anavomereza ndani, liti, chidzatha liti.

Pakapita mwezi, mayi uja atapempha kuti aziona mayankho onse kuti alembe lipoti, pempholo liyambirenso poyamba. Apa ndi pomwe mabungwe ambiri amapunthwa. Amasamala potsegula akaunti, koma kuwonjezera chilolezo amakuyesa kanthu kakang'ono, mpaka munthu amene wasinthidwa ntchito kawiri amakhala ndi zilolezo za mipando itatu. Ndondomeko inene kuti posintha ntchito, zakale zichotsedwe tsiku lomwe zatsopano zikuperekedwa. Udindo wake ndi wa lamulonso, chifukwa Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, lomwe akuliyang'anira ndi a MACRA, ndipo mayina a mabanja aja ali pansi pa lamuloli.

Akaunti yamphamvu zonse, yomwe mu Google Workspace imatchedwa Super Admin, ikhale ndi anthu awiri okha. Mmodzi sakwanira, chifukwa akadwala kapena akachoka mokwiya bungwe limatsekeredwa kunja. Akachuluka, simudziwanso amene akutsegula maakaunti mosapempha.

Wantchito akamachoka, akaunti yake iyimitsidwe tsiku lake lomaliza, koma isafufutidwe msanga. Yambani mwasamutsira mafayilo ake kwa womulowa m'malo, poti kufufuta akaunti kungapite nawo.

Chotsiriza ndi kuyendera. Miyezi itatu iliyonse wotsegula asindikize mndandanda wa maakaunti m'sisitimu iliyonse, wovomereza aufanizire ndi kaundula, asayine. Mukapeza dzina lomwe lili m'sisitimu koma mulibe m'kaundula, kapena akaunti ya munthu amene anachoka ikuonetsa kuti wina analowamo sabata yatha, dziwani kuti pali njira yachidule yomwe anthu akudutsa. Itsekeni akauntiyo tsiku lomwelo, mufunse amene anaitsegula, ndipo zomwe mwapeza mukazinene pa msonkhano wotsatira wa bodi.